Timabokosi tophatikiza ndi mizere yobisika zikusokoneza kaundula wathu wa soya

*Funso:* Ndine mlembi wa gulu la alimi kuno ku Ulongwe, m'boma la Angoniya. Kaundula wa soya amene timagula kwa mamembala ali mu Excel, pa OneDrive, ndipo timalembamo anthu atatu: ine, msungichuma ndi mnyamata wa pasikelo. Dzina la dera timalilemba kamodzi m'kabokosi kamodzi kakakulu kophatikiza, alimi a deralo n'kukhala pambali pake. Tsopano ndikafuna kusanja, Excel ikukana. Ndikasefa kuti ndione a ku Domwe okha, akutuluka munthu mmodzi. Chiwerengero cha pansi nachonso chikusiyana ndi chimene ndikupeza pa kakyuleta. Msungichuma akuti fayilo yawonongeka, tiyambe ina. Tichite bwanji?

*Yankho:* Amayi, musayambe ina. Fayiloyo ili bwinobwino, ndipo mukayamba yatsopano n'kuilemba mwa njira yomweyo, mavuto omwewo abweranso nyengo yogula isanathe. Chimene chikuchitika n'chakuti maso anu akuona china, Excel ikuwerenga china. Ndikufotokozerani ndi kaundula wamng'ono wa mizere khumi, kuti muthe kuyesa nokha chilichonse chimene ndinene.

Tiyerekeze kuti mzere 1 ndi wa mitu. Kolamu A ndi dera, B ndi dzina la mlimi, C ndi tsiku, D ndi makilogalamu. Kuyambira A2 mpaka A5 mwaphatikiza n'kulembapo Domwe, ndipo alimi anayi a kumeneko anabweretsa 250, 400, 150 ndi 300. A6 mpaka A8 ndi Tsangano, alimi atatu: 500, 200 ndi 350. A9 mpaka A11 ndi Kalomwe: 180, 600 ndi 220, koma mzere 10, wa 600 uja, wina anaubisa.

Mukayang'ana, mukuona mawu akuti Domwe atakhala pakati pa mizere inayi, ndipo mutu wanu ukudziwa kuti anayi onsewo ndi a ku Domwe. Excel sidziwa zimenezo. Mukaphatikiza timabokosi, mawu amasungidwa m'kabokosi koyamba kokha, ka pamwamba kumanzere. Pamenepa ndi A2. Mu A3, A4 ndi A5 mulibe kanthu, angophimbidwa. Zili ngati mulu wa matumba anayi m'nkhokwe, dzina la mwini litalembedwa pa thumba la pamwamba lokha: mulu ukadali pamalo ake aliyense akudziwa mwini wake, koma wina akangosuntha matumbawo, atatu aja alibenso dzina. Kuti mutsimikize, lembani izi m'kabokosi kopanda kanthu cha pambali:

```
=COUNTBLANK(A2:A11)
```

Yankho lituluka 7. Mizere khumi, mayina a madera atatu okha, timabokosi tisanu ndi tiwiri topanda kanthu ngakhale pa sikirini pakuoneka podzaza.

N'chifukwa chake sefa ikukupatsani munthu mmodzi. Mwaipempha mizere imene kolamu A yake ili ndi mawu akuti Domwe, ndipo mzere wotere ulipo umodzi, wa 2. Fomula yowerengera dera nayonso imagwa m'dzenje lomwelo:

```
=SUMIF(A2:A11,"Domwe",D2:D11)
```

Ikupatsani 250 m'malo mwa 1100. Sikuwonetsa chizindikiro chilichonse cha cholakwika, ikungotulutsa nambala yooneka bwino. Ngati kilogalamu, mwachitsanzo, mukugula 30 metikali, makilogalamu 850 osowawo ndi 25,500 metikali zimene lipoti la Domwe silikuwonetsa. Ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chimenechi kuposa sefa, chifukwa sefa ikakunamizani mumaona nthawi yomweyo kuti anthu akuchepa, pamene nambala yolakwika imatha kukafika pamsonkhano wa mamembala n'kuwerengedwa pamaso pa anthu.

Ngati Excel ya pa kompyuta yanu ndi ya Chipwitikizi, monga zilili m'maofesi ambiri kuno ku Tete, mayina a mafomula ndi ena: SUM ndi SOMA, COUNTBLANK ndi CONTAR.VAZIO, SUMIF ndi SOMA.SE mu Chipwitikizi cha ku Potugalo kapena SOMASE mu cha ku Brazili, ndipo pakati pa zigawo za fomula mumaika `;` m'malo mwa `,`. SUBTOTAL imene tigwiritse ntchito kutsogoloku ndi yofanana m'zilankhulo ziwirizi. Mabatani achidule a pa kiyibodi ena amasiyananso malinga ndi chilankhulo, choncho ndizitchula njira ya m'mamenyu.

Tsopano kusanja. Excel ikamakana imalemba kuti "To do this, all the merged cells need to be the same size." Kusanja ndi kunyamula mzere umodziumodzi n'kuuika pamalo pena, ndipo mzere 3 sungachoke pokhala kuti kabokosi kake ka A kamangidwa pamodzi ndi ena atatu. Kukana kumeneku kukukutetezani. Ngozi ili pa chimene munthu amachita akakanizidwa, ndipo ndikupempha kuti mufunse anzanu awiriwo mwaulemu ngati wina anachitapo. Munthu wofulumira amaona kuti kolamu A ndiyo ikuvuta, ndiye amasankha B mpaka D zokha n'kusanja. Excel imavomera. Mayina, masiku ndi makilogalamu zimayenda, koma madera amatsala pomwe anali. M'chitsanzo chathu, mukasanja kuyambira wamkulu, mlimi wa ku Tsangano wa 500 uja akukwera pa mzere 2 n'kukhala wa ku Domwe, ndipo wa ku Domwe wa 150 akutsikira pansi kukakhala wa ku Kalomwe. Chiwerengero chonse cha pansi sichisintha ngakhale kilogalamu imodzi, motero palibe amene azindikira mpaka tsiku limene tcheyamani wa kalabu ya ku Domwe adzafunse kuti dzina lachilendo ili lalowa bwanji pakati pa anthu ake.

Zimenezi palibe fomula yozikonza. Musanakhudze chilichonse, tengani mayina asanu kapena khumi amene mukuwadziwa kwawo, muone ngati ali pansi pa dera lawo, komanso muone ngati masiku a m'dera lililonse akutsatana monga munkalembera. Mukapeza kuti zasokonekera, mwayi wanu ndi wakuti fayilo ili pa OneDrive. Pitani pa `File`, `Info`, `Version History`, mutsegule zosungidwa za m'mbuyo imodziimodzi mpaka mupeze yomaliza imene mayina anali pamalo ake. Zimene zinalembedwa pambuyo pake mudzaziwonjezere kuchokera m'buku la malisiti.

Za mizere yobisika, choyamba kudziwa n'chakuti pali mitundu iwiri. Mzere ukhoza kubisika chifukwa sefa yaubisa, kapena chifukwa munthu anadina kumanja pa nambala ya mzere n'kusankha `Hide`. Kusiyanitsa n'kosavuta mukayang'ana manambala a mizere kumanzere. Sefa ikamagwira ntchito, manambalawo amasanduka a buluu, ndipo pa mutu wa kolamu yosefedwayo pamaoneka kachizindikiro ka fanulo. Mzere wobisidwa ndi munthu susintha mtundu wa manambala. Mumangoona kuti pachoka 9 pabwera 11, pakati pali timizere tiwiri tothinana. Pa kaundula wa mizere mazana angapo, maso saona kudumpha kotereku.

SUM imawerenga chilichonse, chooneka ndi chobisika. M'chitsanzo chathu ikupatsani 3150, pamene kakyuleta yanu, yomwe ikungowerenga zimene mukuona, ikupatsani 2550. Kusiyanako ndi 600 wa pa mzere 10. Kuti musamavutike kufunafuna, ikani fomula iyi pamwamba pa tsamba kapena pambali pa mitu, pamene sefa singaibise:

```
=SUM(D2:D11)-SUBTOTAL(109,D2:D11)
```

SUBTOTAL yokhala ndi 109 imaphatikiza zooneka zokha, kaya zina zabisidwa ndi sefa kaya ndi munthu. Yankho likakhala 0, palibe makilogalamu obisika. Likakhala 600, mwadziwa kuti pali mzere kapena mizere ya makilogalamu 600 imene simukuiona. Samalani ndi nambala yoyambayo. Mukalemba 9 m'malo mwa 109, SUBTOTAL imasiya mizere yosefedwa koma imawerengabe imene munthu anabisa ndi `Hide`, ndipo 9 ndi imene batani la `AutoSum` limaika lokha mukalidina pansi pa mndandanda wosefedwa.

Funso loti nambala yoona ndi iti, 3150 kapena 2550, kompyuta singayankhe. Muyenera kupeza amene anabisa mzerewo ndi chifukwa chake. Kawirikawiri pa ntchito ngati yanu zifukwa zimakhala izi: soya anabwezedwa chifukwa anali wonyowa kapena wa zinyalala, mzere unalembedwa kawiri, kapena wina ankafuna kusindikiza pepala la dera limodzi n'kuiwala kubwezeretsa. Wobisayo amaganiza kuti kubisa ndi kuchotsa. Ngati soya wa 600 uja anabwereradi kwa mwini wake, SUM yakhala ikuonjezera makilogalamu amene mulibe m'nkhokwe, ndipo ndalama za msungichuma sizingagwirizane ndi kaundula. Ngati anabisidwa mwangozi, pali mlimi amene sakuoneka pa mndandanda wolipira.

Mzere wobisika susuntha posanja. Mukadzakonza kolamu A n'kusanja kuyambira wamkulu mzere 10 ukadali wobisika, mndandanda udzakhala 500, 400, 350, 300, 250, 220, 200, 180, kenaka 150 pansi. Tsiku lomwe wina adzaulule mzere uja, 600 adzapezeka pakati pa 180 ndi 150, pomwe amayenera kukhala pamwamba pa onse. Palinso mtundu wina wa mzere wobisika umene umazunza anthu: mzere wopanda kanthu konse, umene wina anauika kusiyanitsa madera kenaka n'kuubisa. Mukadina kabokosi kamodzi n'kuyatsa sefa kapena kusanja, Excel imadzipezera malire a mndandanda, ndipo imaima pa mzere woyamba wopanda kanthu. Zonse za m'munsi mwake zimasiyidwa kunja, inu mukuona ngati ndi mndandanda umodzi.

Kumata pa mndandanda wosefedwa n'koopsa kuposa zonsezi. Tinene mnyamata wa pasikelo wasefa, pakuoneka mizere 2, 6 ndi 9, ndiye wakopera manambala atatu kuchokera kwina n'kumata pa D2. Manambalawo sapita pa 2, 6 ndi 9. Amalowa pa 2, 3 ndi 4 motsatana, kufufuta makilogalamu a alimi awiri amene sakuoneka. Pa sikirini iye akuona kuti nambala imodzi yokha ndiyo yalowa, mwinanso abwereza kumata. Muwauze anzanu mosapita m'mbali kuti manambala a mizere akakhala a buluu, asamate chilichonse choposa kabokosi kamodzi.

Kukonza kwake kuli ndi ndondomeko, ndipo ndondomekoyo musaisinthe. Sankhani nthawi imene anzanu atseka fayilo, chifukwa wina akamalemba kapena kusefa inu muli pakati pa ntchito, zisokonekera. Sungani kope lina lokhala ndi tsiku m'dzina lake. Kenaka ululani zonse: pa `Data` dinani `Clear` kuchotsa sefa, ndiyeno dinani kabokosi ka pangodya pamene manambala a mizere akumana ndi zilembo za makolamu kuti tsamba lonse lisankhidwe, dinani kumanja pa nambala ya mzere uliwonse n'kusankha `Unhide`. Chitani chimodzimodzi pa zilembo za makolamu. Fomula ya kusiyana ija tsopano ionetse 0.

Yendani pa mizere imene yatulukayo umodziumodzi muli ndi buku la malisiti pambali. Yopanda kanthu ichotseni. Yolembedwa kawiri ichotseni mutagwirizana ndi msungichuma. Ya soya wobwezedwa musaichotse, ndinena za iyo posachedwa. Yang'anitsitsaninso ngati pali mizere ya chiwerengero cha dera, monga mzere wolembedwa kuti zonse za Domwe 1100 pakati pa mayina. Imeneyo iyenera kuchoka musanapitirire, chifukwa mukaisiya, sitepe yodzaza madera idzaipatsa dzina la Domwe ngati mlimi wamba, ndipo SUMIF idzakupatsani 2200.

Musanamasule timabokosi tophatikiza, onjezani kolamu E ya nambala ya lisiti, kapena ingolembani 1, 2, 3 kutsika mpaka pansi. Ndi kolamu imeneyi mudzatha kubwezera kaundula m'ndondomeko yake yoyamba nthawi ina iliyonse.

Tsopano sankhani A2 mpaka mzere womaliza wa kaundula, osati kolamu yonse. Pa `Home`, tsegulani kamuvi ka pambali pa `Merge & Center`, batani limene mu Chipwitikizi cha ku Potugalo limalembedwa `Unir e Centrar`, musankhe `Unmerge Cells`. Muona Domwe atakhala pa A2 yekha, pansi pake popanda kanthu, monga momwe Excel yakhala ikuonera nthawi yonseyi. Musadine pena. Pitani pa `Find & Select`, `Go To Special`, musankhe `Blanks`. Timabokosi topanda kanthu tokha tisankhidwa, ndipo koyamba ndi A3. Lembani chizindikiro cha `=`, dinani kamuvi koloza m'mwamba pa kiyibodi kuti pakhale izi:

```
=A2
```

Gwirani `Ctrl` n'kudina `Enter`. Kabokosi kalikonse kopanda kanthu katenga dzina la kamene kali pamwamba pake, ndipo Domwe atsika mpaka A5, Tsangano mpaka A8, Kalomwe mpaka A11.

Apa musapume, chifukwa zimene zadzazazo ndi mafomula onena kuti "tenga za pamwamba panga". Mukasanja zili choncho, mlimi aliyense atenga dera la amene wakhala pamwamba pake pamalo atsopanowo, ndipo mwabwerera ku chisokonezo cha mayina chija. Sankhaninso A2 mpaka pansi, koperani, ndipo pomwepo dinani `Paste Special`, `Values`. Dinani A3 muone: pa mzere wa fomula pamwamba pazilembedwa Domwe, osati `=A2`. COUNTBLANK ionetse 0 ndipo SUMIF ya Domwe ionetse 1100.

Njira yodzazayi ndi ya mayina, madera ndi masiku. Pa ndalama musaigwiritse ntchito. Ngati muli ndi kolamu ya mtengo wa galimoto yonyamula, momwe munaphatikiza timabokosi tinayi n'kulemba 2000 metikali ya ulendo umodzi wa ku Domwe, mukadzaza mpaka pansi ikhala 2000 kanayi, ndipo SUM inena 8000. Ndalama zoterezi si za mlimi mmodzi, ndi za ulendo, choncho zisamukire pa tsamba lawo, mzere umodzi ulendo umodzi.

Mwina patsalira timabokosi tophatikiza pena pamene simukupaona. Pa `Find & Select` sankhani `Find`, `Options`, `Format`, ndipo pa `Alignment` chongani `Merge cells`, kenaka `Find All`. Ikupatsani mndandanda wa malo onse. Mutu waukulu wa pamwamba pa tsamba, ngati mukufuna ukhale pakati, safuna kuphatikiza: sankhani timabokosi take, pitani pa `Format Cells`, `Alignment`, ndipo pa `Horizontal` sankhani `Center Across Selection`. Maonekedwe ndi omwewo koma kabokosi kalikonse kamakhala paokha. Izi zimagwira cham'mbali chokha, kutsika pansi ayi.

Mukamaliza, dinani mkati mwa kaundula, pitani pa `Insert`, `Table`, muonetsetse kuti malire amene yalemba akufika pa mzere womaliza ndipo `My table has headers` yachongedwa. Phindu lake lalikulu kwa inu ndi lakuti mkati mwa tebulo batani lophatikiza siligwira ntchito, motero palibe amene adzabwezeretse vutoli ngakhale atafuna. Kusanja kochokera pa timivi ta m'mitu kumanyamula mzere wonse, ndipo mzere watsopano wolembedwa pansi penipeni umalowa wokha m'tebulo. Mukapeza kuti `Unmerge Cells` ndi `Table` sizikudinika, onani pamwamba penipeni ngati pambali pa dzina la fayilo palembedwa `Shared`. Imeneyo ndi njira yakale yogawana fayilo, imene siilola kuphatikiza, kumasula kapena kupanga tebulo, ndipo muyenera kuizimitsa kaye ndi `Unshare Workbook` pa `Review`.

Ndikudziwa kuti mwina wina anena kuti dzina la Domwe kubwerezedwa mzere uliwonse sikukongola, ndipo pepala lopita kwa akomiti linkaoneka bwino kale. Akunena zoona pa nkhani ya pepala. Koma tsamba lolembamo tsiku ndi tsiku ndi pepala la msonkhano zikhale ziwiri. Pangani tsamba lachiwiri la lipoti, dera lililonse mzere wake ndi SUMIF yake, ndipo kumeneko kongoletsani mmene mungafunire, popeza palibe adzasanje kapena kusefa kumeneko.

Soya wobwezedwa uja mumupatse kolamu yake m'malo mobisa. Onjezani kolamu F ya mmene zilili, yokhala ndi mawu awiri okha, walandiridwa kapena wabwezedwa. Pamenepo chiwerengero cha m'nkhokwe chimachokera pa zolembedwa zimene aliyense akuziona:

```
=SUMIFS(D2:D11,A2:A11,"Kalomwe",F2:F11,"walandiridwa")
```

Ngati 600 uja anabwezedwa, yankho ndi 400, kaya wina wasefa kaya sanasefe, ndipo mwini soyayo akadzabwera kudzafunsa, mzere wake ulipo ndi tsiku lake. Mu Chipwitikizi fomulayi ndi SOMA.SE.S kapena SOMASES.

Chatsala ndi cha kugwira ntchito atatu nthawi imodzi. Pa fayilo yogawana, sefa wamba ndi ya onse: msungichuma akasefa Tsangano ali kunyumba, mizere ikhoza kusowa pa sikirini yanu muli pakati polemba. Popeza fayilo ili pa OneDrive, aliyense asanasefe kapena kusanja apite pa `View`, `Sheet View`, `New`, kapena Excel ikafunsa asankhe `See just mine`. Mitu ya mizere ndi makolamu imada, kusonyeza kuti kusefa ndi kusanja kumeneko akuona yekha. Koma chimene walemba kapena kufufuta m'kabokosi chimasintha kwa onse, choncho lamulo la kusamata pa mndandanda wosefedwa likadalipo. Njira imeneyi imafuna Excel ya pa intaneti, ya Microsoft 365, kapena Excel 2021 kupita mtsogolo. Ngati mmodzi wa inu ali ndi Excel yakale imene ilibe `Sheet View`, atsegule fayiloyo pa intaneti, kapena mugwirizane kuti wosefa aliyense adine `Clear` asanatseke, ndipo wotsegula aliyense ayambe wayang'ana ngati kabokosi ka kusiyana kaja kali pa 0 asanawerenge nambala iliyonse kwa mlimi.